Momwe mungalembere kalata yopempha buloka kuti akukwezereni mlingo wa maopushoni

Ku America, munthu satsegula akaunti ya masheya lero n'kuyamba kuchita malonda a maopushoni amtundu uliwonse mawa. Opushoni ndi kontirakiti yopatsa mwini wake ufulu wogula kapena wogulitsa masheya pa mtengo wa pangano mpaka tsiku lomwe ithere; ya ufulu wogula imatchedwa kolo, ya ufulu wogulitsa imatchedwa puti. Kampani ya buloka, yomwe imakugulirani ndi kukugulitsirani masheya, imakuikani pa mlingo, ndipo mlingowo ndiwo umanena zomwe mungachite ndi zomwe makina awo akukanireni. Abale athu ambiri amene akugwira ntchito ku Indiana, Texas kapena Washington amayamba ndi mlingo wapansi, ndipo pakapita chaka kapena ziwiri amafuna kukwera. Malangizo awa ndi a munthu wotero. Ndatenga pempho limodzi lomwe ndi lofala kwambiri: munthu amene wakhala akugulitsa makolo otetezedwa ndi masheya ake komanso maputi otetezedwa ndi ndalama, ndipo tsopano akufuna chilolezo cha masipuredi, kutanthauza kugulitsa opushoni imodzi n'kugula ina ya sheya yomweyo pamodzi.

Yambani mwadziwa amene akawerenge kalatayo

Kalata yanu siikawerengedwa ndi wogulitsa malonda wofuna kukusangalatsani. Lamulo nambala 2360 la FINRA, bungwe loyang'anira makampani a buloka ku America, limati kampani isanalole kasitomala kuchita malonda a maopushoni, ifufuze za iye mokwanira, ndipo chilolezocho chiperekedwe polemba ndi mkulu amene ali ndi ziyeneretso zoyang'anira malonda amenewa. Lamulo lomwelo limatchula zomwe ayenera kufunsa: cholinga chanu, ntchito yanu, ndalama zomwe mumapeza pachaka, chuma chanu chonse kupatula nyumba yomwe mukukhala, chuma chomwe chingasanduke ndalama msanga, zaka zanu, ngati muli pabanja, anthu amene amadalira inu, ndi zomwe mwachitapo kale pamsika.

Mkuluyu ali ndi chifukwa chokhalira wosamala. Mu June 2021, FINRA inalamula kampani ya Robinhood kulipira ndalama pafupifupi madola 70 miliyoni, ndipo umodzi mwa milandu yake unali wolola makasitomala kuchita malonda a maopushoni popanda kuwafufuza bwino. Ndiye funso lomwe lili m'mutu mwa wowerenga kalata yanu ndi ili: munthu uyu akaluza, ndidzatha kuonetsa kuti ankadziwa zomwe akuchita ndiponso kuti thumba lake likanapirira? Ntchito ya kalata yanu ndi kumupatsa umboni umenewo. Mawu ena onse ndi ongodzaza pepala.

Dziwaninso kuti makampani ambiri masiku ano amalandira pempholi kudzera pa fomu ya pa intaneti. Kalata siilowa m'malo mwa fomuyo. Imaperekeza fomu, kapena imatsatira pambuyo fomu ikakanidwa, pamene mukupempha kuti munthu ayang'anenso chigamulo chomwe mwina chinapangidwa ndi makina.

Tchulani zomwe mukufuna kuchita, osangotchula nambala

Manambala a milingo sagwirizana pakati pa makampani. Ku Charles Schwab amayambira pa `Level 0` kukafika pa `Level 3`, ndipo masipuredi ali pa `Level 2`. Ku Fidelity milingo ilipo itatu, ndipo masipuredi ali pa `Tier 2`. Makampani ena ali ndi milingo inayi, ndipo kumeneko masipuredi amapezeka pa wachitatu. Mnzanu akakuuzani kuti ali pa mlingo wachitatu, sanakuuzeni kanthu mpaka atatchula kampani yake.

Tsegulani tsamba la kampani yanu lofotokoza milingo, muone dzina lenileni la mlingo womwe mukufuna ndi zomwe zili m'kati mwake. M'kalata mulembe zonse ziwiri, dzina la mlingo ndi mtundu wa malonda. Ndipo pemphani sitepe imodzi yokha. Munthu amene ali pa mlingo wa makolo otetezedwa n'kupempha mlingo wapamwamba kwambiri, wogulitsa maopushoni opanda chitetezo, amadziulula yekha kuti sakudziwa kusiyana kwake. Kolo yopanda chitetezo ilibe malire a kuluza, chifukwa mtengo wa sheya ulibe denga.

Konzani kaye zomwe kampani ikudziwa za inu

Apa ndi pomwe mapempho ambiri amafera, kalata isanawerengedwe n'komwe. Pamene munkatsegula akaunti munadzaza fomu. Mwina nthawiyo munali mutangofika kumene, malipiro ali ochepa, ndipo pa `Investment Objective` munasankha `Capital Preservation` chifukwa zinkamveka zanzeru. Zomwe munalembazo zikadali momwemo. Ngati kalata yanu ikunena kuti mukufuna masipuredi koma fomu ikuti cholinga chanu ndi kusunga ndalama zisachepe, mkulu uja akhulupirira fomu.

Lowani mu akaunti, muwerenge zonse zomwe zalembedwa za inu, ndipo mukonze zomwe zasintha. Ngati malipiro anakwera, lembani atsopano. Ngati cholinga chanu pa akaunti imeneyi chinasinthadi, sankhani chogwirizana nacho. Makampani ambiri amafuna kuona `Growth` kapena `Speculation` asanalole masipuredi, ngakhale mayina ake amasiyanako.

Koma musinthe zokhazo zomwe zili zoona. Ndikudziwa kuti alipo anthu amene amalangiza anzawo kuti angolemba zaka khumi zodziwa msika ndi malipiro owirikiza kawiri kuti fomu idutse. Malangizo amenewo ndi oipa. Kampani imasunga fomu yakale, ndipo munthu amene mwezi watha anali ndi chaka chimodzi pamsika koma lero ali ndi zaka khumi amaoneka msanga. Choopsa kwambiri n'chakuti mukadzakangana ndi kampani pa nkhani ya ndalama, fomu yomwe munanamayo ndi yomwe adzaitulutse ngati umboni woti inuyo munati mumadziwa zonse.

Kwa ife ochokera kumudzi, funso la `Liquid Net Worth` limafuna kusamala mwapadera. Puloti yomwe munagula ku Lilongwe, nyumba yomwe mukumanga ku Mzuzu, minibasi yomwe akuyendetsa achimwene anu, zonsezi ndi chuma chanu ndithu, ndipo zingalowe pa chuma chonse. Koma sizilowa pa chuma chosanduka ndalama msanga. Buloka akakuimbirani Lolemba kuti muwonjezere ndalama mu akaunti m'masiku ochepa, puloti siingakuthandizeni. Lembani ndalama za kubanki, masheya ndi mabondi omwe mungagulitse sabata yomweyo. Chimodzimodzi pa anthu odalira inu: ngati mwezi uliwonse mumatumiza ndalama kwa amayi ndi kulipira fizi ya ana a achemwali, muziwerengere pamene mukudzifunsa kuti mungapirire kuluza zingati.

Chinthu china choyenera kuona ndi mtundu wa akaunti. Makampani ambiri salola masipuredi pa akaunti ya `Cash`. Amafuna akaunti ya `Margin`, yomwe imalola kubwereka, ndipo lamulo limafuna madola osachepera 2,000 mu akaunti yotero. Kampani ikhoza kufuna zoposa apo. Ngati akaunti yanu ndi yosungira ndalama za penshoni ya IRA, malamulo ake ndi ena: makampani ena amalola masipuredi momwemo mwa chilolezo chapadera, koma makolo opanda chitetezo saloledwa.

Werengani mbiri yanu, musaikumbukire pamtima

Koperani malipoti a akaunti a miyezi 24 yapitayi, muwerenge. Munayamba liti kugula masheya? Opushoni yoyamba inali ya mwezi uti? Mwatsegula malonda angati a makolo otetezedwa, angati a maputi? Ndi kangati komwe munakakamizidwa kugula kapena kugulitsa masheya chifukwa mwini opushoni wagwiritsa ntchito ufulu wake? Kuluza kwanu kwakukulu kunali kwa ndalama zingati, ndipo munachita chiyani?

Funso lomalizali musalithawe. Anthu amaganiza kuti kalata yabwino ndi yoonetsa phindu lokhalokha. Kwa wowerenga wodziwa ntchito, munthu amene sanaluzepo ndi munthu amene sanayesedwe. Chiganizo chimodzi chonena kuti munakakamizidwa kugula masheya 100 pa madola 50 pamene msika unali pa 44, ndalama zinalipo, ndipo munadziwa chochita nawo, chimalemera kuposa ndime yonse yodzitama.

Ngati zina munazichitira ku kampani ina, nenani ndipo mumate malipoti ake, chifukwa kampani yanu ya tsopano siiona zimenezo. Ngati munagulapo masheya pa Malawi Stock Exchange, mukhoza kuwerengera zakazo ngati zodziwa masheya, koma osati maopushoni, poti msika umenewo sugulitsa maopushoni. Malonda oyeserera a ndalama zongoyerekeza muwatchule padera ndi dzina lake lenileni, osawasakaniza ndi enieni. Maphunziro nawo amathandiza: bungwe la Options Industry Council limaphunzitsa kwaulere, ndipo chikalata chotchedwa `Characteristics and Risks of Standardized Options`, chomwe kampani imayenera kukupatsani, muchiwerengedi musananene kuti mwachiwerenga.

Onetsani malonda amodzi, ndi masamu ake onse

Ichi ndiye chimake cha kalata, choncho tikhalepo pang'ono. Tiyerekeze namwino wa ku Indiana amene amalandira madola 78,000 pachaka, ali ndi chuma chosanduka ndalama msanga cha madola 60,000, ndipo mwa izo 40,000 zili mu akaunti ya buloka. Wakhala akugulitsa maputi otetezedwa ndi ndalama. Sheya ina ili pa madola 52. Akagulitsa puti ya mtengo wa pangano 50, amalandira madola 1.80 pa sheya, omwe ndi 180 pa kontirakiti imodzi ya masheya 100. Koma kampani imamanga madola 5,000 kuti ngati atakakamizidwa kugula, ndalamazo zikhalepo. Sheya itagwa mpaka ziro, akhoza kuluza madola 4,820.

Ndi chilolezo cha masipuredi, akhoza kugulitsa puti ya 50 yomweyo n'kugula puti ya 45 yothera tsiku lomwelo pa madola 0.60. Masamu ake ndi awa:

```
1.80 - 0.60 = 1.20
1.20 x 100 = 120
(50 - 45) x 100 = 500
500 - 120 = 380
50 - 1.20 = 48.80
```

Mzere wachiwiri ndi phindu lalikulu lomwe angapeze, madola 120, ngati sheya itatsiriza pamwamba pa 50. Mzere wachinayi ndi kuluza kwakukulu, madola 380, ngati itatsiriza pa 45 kapena pansi pake. Mzere womaliza ndi mtengo womwe sapindula komanso saluza. Sitinawerengere ndalama zomwe kampani imadula pa kontirakiti iliyonse.

Chifukwa chopemphera chilolezo chaoneka chokha: akufuna kuchita malonda omwe akuwadziwa kale, koma ataika malire a kuluza. Ichi ndi chifukwa chomwe mkulu wa maopushoni angachivomere. Koma onani msampha wake. Madola 5,000 omwe ankamanga puti imodzi tsopano angatsegule masipuredi khumi kapena kuposerapo. Masipuredi khumi akaluza onse, zapita madola 3,800, ndipo sheya siifunika kugwa mpaka ziro kuti zimenezi zichitike; kutsika kuchoka pa 52 kufika pa 45 n'kokwanira. N'chifukwa chake kalata iyenera kunena malire a kukula kwa malonda. Namwino wathu akanena kuti sadzaika pachiswe zoposa 2 peresenti ya akaunti pa malonda amodzi, ndiye madola 800, kutanthauza masipuredi awiri a mtundu uwu, omwe ndi madola 760.

Palinso china chomwe chimasiyanitsa munthu wodziwa ndi wongowerenga. Madola 380 aja ndi malire pokhapokha miyendo yonse iwiri ya sipuredi, puti yomwe anagulitsa ndi yomwe anagula, ikadalipo. Tinene kuti lafika Lachisanu lomwe maopushoni akutha, ndipo sheya yatseka pa 48, pakati pa mitengo iwiri ija. Puti ya 50 yomwe anagulitsa ili ndi phindu kwa mwini wake, ndipo OCC, bungwe loyendetsa makontirakiti onsewa, limagwiritsa ntchito lokha opushoni iliyonse yomwe yatha ili ndi phindu la senti imodzi kapena kuposa, pokhapokha mwini atakana. Puti ya 45 yomwe inali chitetezo chake yatha yopanda pake. Lolemba m'mawa akudzuka ali ndi masheya 100 ogula pa madola 5,000, opanda chitetezo chilichonse. Ngati kumapeto kwa sabata kwatuluka nkhani yoipa ndipo sheya yatsegula pa 40, waluza madola 1,000 pa masheyawo, kuchotsapo 120 omwe analandira, zatsala 880. Malire a 380 apyoledwa kuposa kawiri.

Ngakhale sheya itatseka pamwamba pang'ono pa 50, sanapulumuke kwenikweni. Msika umatseka 4 koloko madzulo nthawi ya ku New York, koma eni maopushoni amatha kupereka chisankho chawo mpaka 5:30, ndipo mtengo ukagwa m'nthawi imeneyo akhoza kumukakamiza kugula. Komanso maopushoni a masheya a ku America amatha kugwiritsidwa ntchito tsiku lililonse asanathe. Kwa wogulitsa kolo, ngozi imeneyi imakula tsiku loti mawa lake sheya iyamba kugulitsidwa yopanda ufulu wa dividendi.

Mankhwala ake ndi osavuta: kutseka sipuredi yonse pamodzi tsiku lothera lisanafike, osati mwendo umodzi. Lembani chiganizo chimenecho m'kalata. Wowerenga akachiona amadziwa kuti akulankhula ndi munthu amene sadzamuimbira foni Lolemba akulira.

Kalata yeniyeniyo

Ikhale ya tsamba limodzi. Muilembe m'Chingelezi chosavuta, poti ndicho akawerenge. Pano ndaika zomwe namwino wathu angalembe, kuti muone kayalidwe kake ndi kuchuluka kwa tsatanetsatane wofunika. Pamwamba pakhale tsiku, dzina lanu monga lilili pa akaunti, ndi manambala anayi omaliza a akauntiyo.

*Kwa Mkulu woona za maopushoni,*

*Ndikupempha kuti akaunti yanga ikwezedwe kuchoka pa mlingo womwe ili kupita pa mlingo wololeza masipuredi. Ndikufuna masipuredi oima okha, a kontirakiti imodzi yogula pa imodzi yogulitsa, othera tsiku limodzi. Sindikupempha chilolezo chogulitsa maopushoni opanda chitetezo.*

*Ndakhala ndikugula masheya kwa zaka zisanu, ndipo maopushoni ndawachita kwa zaka ziwiri mu akaunti yomweyi. M'nthawi imeneyi ndatsegula malonda 34: makolo otetezedwa 22 ndi maputi otetezedwa ndi ndalama 12. Ndakakamizidwa kugula kapena kugulitsa masheya kanayi, ndipo nthawi zonse ndalama kapena masheya analipo. Kuluza kwanga kwakukulu kunali madola 610 pa puti imodzi, yomwe ndinaitseka sheya itatsika kupyola malire omwe ndinadziikira.*

*Ndine namwino wolembedwa ntchito, ndimalandira madola 78,000 pachaka, ndipo chuma changa chosanduka ndalama msanga ndi madola 60,000. Ndalama zodzithandizira pa ngozi ndi za penshoni zili kwina, sizili mu akaunti iyi. Ndakonza fomu ya akaunti kuti igwirizane ndi manambala amenewa.*

*Cholinga changa ndi kupitiriza malonda omwe ndikuchita kale koma ndi kuluza kokhala ndi malire. Mwachitsanzo, m'malo momanga madola 5,000 pa puti ya 50, ndingagulitse ya 50 n'kugula ya 45, kulandira madola 120, kuluza kwakukulu kukhala 380. Sindidzaika pachiswe zoposa 2 peresenti ya akaunti pa malonda amodzi, kapena zoposa 10 peresenti pa masipuredi onse otsegula. Ndikudziwa kuti mwendo wogulitsa ukhoza kugwiritsidwa ntchito nthawi isanakwane, ndiponso kuti sheya ikatsiriza pakati pa mitengo iwiriyo ndikhoza kutsala ndi masheya opanda chitetezo. Pa chifukwa chimenechi ndidzatseka sipuredi iliyonse tsiku lothera lisanafike.*

*Ndawerenga chikalata cha OCC chofotokoza zoopsa za maopushoni, ndipo ndikuvomera kuti zisankho ndi zotsatira zake ndi zanga. Ngati pempholi silingavomerezedwe pano, chonde ndiuzeni chomwe chikuperewera ndi nthawi yomwe ndingapemphenso.*

Manambala onsewa ndi achitsanzo, ikanimo anu. Onani zomwe mulibe m'kalatamu. Mulibe lonjezo la phindu, mulibe kudandaula kuti mnzanga anapatsidwa, mulibe kuopseza kuti ndisamukira ku kampani ina. Koposa zonse mulibe mawu oti ndikufuna kubweza zomwe ndinaluza, kapena ndikufuna kupeza ndalama zomalizira nyumba chaka chino. Mawu otero amauza wowerenga kuti mukufuna ndalamazo mwachangu, ndipo munthu wofuna ndalama mwachangu ndi amene amatsegula masipuredi khumi m'malo mwa awiri. Ulemu wathu wa kumudzi wa moni wautali ndi kupepesa kambiri usungeni. Kumeneko ulemu ndi kufika pa mfundo msanga ndi kulemba manambala olondola.

Kutumiza ndi kudikira

Tumizani kudzera mu bokosi la mauthenga la m'kati mwa akaunti, kapena malo okwezera zikalata, osati imelo wamba. Nambala yanu ya Social Security isalembedwe m'kalata. Ali nayo kale. Dzazani fomu tsiku lomwelo kuti ziwirizi zifike pamodzi, ndipo musanadinde batani yerekezani nambala iliyonse ya pa fomu ndi ya m'kalata. Ngati akaunti ndi ya anthu awiri, makampani ambiri amafuna kuti aliyense apereke zake ndi kusaina.

Akavomera, akutumizirani zomwe alemba za inu kuti mutsimikize, komanso pangano la maopushoni ngati simunasaine kale. Werengani, ndipo mukapeza cholakwika muwauze nthawi yomweyo. Malonda oyamba achiteni ndi kontirakiti imodzi, ndipo muone pa sikirini ngati `Max Loss` ndi ndalama zomwe amanga zikufanana ndi masamu anu a papepala. Zikasiyana, imani mufufuze chifukwa. Nthawi zambiri mwasankha masiku othera osiyana kapena mwatembenuza mwendo wogula ndi wogulitsa.

Akakana, musabwezenso fomu mawa lake manambala atasintha. Imbani foni ku dipatimenti ya maopushoni mufunse gawo lomwe linaperewera. Sangakuuzeni malire awo enieni, koma kawirikawiri amanena ngati vuto ndi mtundu wa akaunti, cholinga chomwe munasankha, ndalama, kapena kuchepa kwa zomwe mwachitapo. Mtundu wa akaunti umakonzeka sabata yomweyo. Cholinga muchisinthe ngati chinalembedwa molakwikadi. Ngati vuto ndi ndalama kapena mbiri, pitirizani pa mlingo womwe muli, muzilemba malonda aliwonse ndi chifukwa chake m'kabuku, ndipo funsani kuti papite nthawi yaitali bwanji musanapemphenso, chifukwa kampani iliyonse ili ndi nthawi yakeyake. Pa kalata yachiwiri mudzangosintha ndime ya mbiri ndi ya ndalama, n'kumatapo malipoti a miyezi yomwe yadutsayo.